Denga limodzi, mabungwe awiri: mmene chikalata cha chimvano chimalembedwera

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchokera pa Dwangwa kulowera kumpoto amadziwa kuti dera la Ngala ndi la usodzi ndi ulimi. Achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja alipo ambiri, koma nyumba zoyenera kuphunziriramo nzochepa. Chipinda chokhala ndi denga labwino, mabenchi, magetsi, chimbudzi ndi mjigo pafupi chimapezeka pasukulu kapena patchalitchi basi. Nchifukwa chake bungwe lililonse lobwera ndi maphunziro a kusoka, a ukalipentala kapena a kasamalidwe ka nsomba limayamba lagogoda kwa ahedi kapena kwa akulu a mpingo.

Nthawi zambiri yankho limakhala laulemu: "Bwerani, malo alipo, ndife amodzi." Mawu amenewa amagwira ntchito mpaka tsiku limene ahedi asamutsidwa, kiyi wasowa, mayunitsi a magetsi atha pakati pa phunziro, kapena sukulu ikufuna chipinda chake pa nthawi ya mayeso. Pamenepo mpamene aliyense amakumbukira zosiyana ndi mnzake. Ife amene tikuphunzira za uphunzitsi, tsiku lina tidzakhala m'maofesi a sukulu zotere, ndipo ambiri mwa owerenga athu amakhala m'makomiti a mipingo. Choncho nkoyenera kudziwa pepala limene limaletsa mikangano yotereyi. Achingerezi amalitcha memorandamu ya kumvana, ndipo ife muno tilitcha chikalata cha chimvano.

Mfundo yathu ndi imodzi. Chikalatachi sichilemberedwa anthu amene akugwirana chanza lero, chifukwa iwowo akumvana kale. Chimalemberedwa amene adzalowe m'malo mwawo, pa tsiku limene zinthu zidzavute. Chiyenera kuyankha mafunso atatu: ndani achita chiyani, mpaka liti, ndipo akafuna kusiyana asiyane bwanji.

Chitsanzo chimene dziko lathu lili nacho kale

Chimvano chodziwika bwino kwambiri m'Malawi ndi cha pakati pa boma ndi bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Mu 2002 mbali ziwirizi zinasayinirana chikalata chimene, mwa zina, chinaika pa pepala zoti boma lizilipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatala za mipingo. Chipatala cha Malamulo ku Thyolo ndi cha St. Anne's pa boma la Nkhotakota zili m'bungwe limeneli. Ubale umenewu umafika mpaka pa maphunziro: ophunzira unamwino ndi zachipatala m'makoleji a mipingo amakaphunzira ntchito m'mawodi a zipatala za boma, ndipo akamaliza ambiri amakatumikira m'zipatala zomwezo.

Pali phunziro limodzi lalikulu m'nkhaniyi. Chikalata cha 2002 chinanena za ubale wonse, koma sichinali chokwanira pa nkhani za ndalama za tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma anayamba kusayinirana mapangano ena apadera ndi zipatala za mipingo chimodzichimodzi, onena kuti ndi thandizo liti limene liperekedwe kwaulere, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndi kuti boma lizibweza ndalama zingati. Ndipo pamene ndalamazo zinkachedwa, zipatala zina zinkaimitsa thandizo laulerelo. Apa tikuona kuti mawu a ubale amangotsegula khomo, koma chimene chimasunga mgwirizano ndi tsatanetsatane: kuchuluka kwake, tsiku lake, ndi chochitika ngati wina sanakwaniritse.

Kodi chikalatachi chimamanga munthu pa lamulo?

Anthu ambiri amaganiza kuti chikalata cha chimvano nchaulemu chabe, pomwe kontirakiti ndiye yomanga. Zimenezi nzoona mbali imodzi yokha. Malamulo athu a mapangano anachokera ku malamulo a ku Mangalande, ndipo khoti siliyang'ana dzina lolembedwa pamutu pa pepala. Limayang'ana mawu a m'katimo. Ngati mbali ziwiri zinalonjezana zinthu zomveka bwino, iliyonse nkupereka kanthu kwa inzake, ndipo zikuoneka kuti zinafuna kumangidwa, pepalalo lingathe kutengedwa ngati kontirakiti ngakhale likutchedwa chimvano. Koma ngati mawu ake ndi akuti "tidzayesetsa" ndi "ngati kungatheke", palibe chimene woweruza angagwire.

Njira yabwino ndiyo kusasiya nkhaniyi m'malere. Chikalata chizinena chokha kuti ndime zakutizakuti, monga za ndalama, za katundu, za chitetezo cha ana ndi za kathetsedwe, nzomanga mbali zonse ziwiri, ndipo zinazo zikungofotokoza cholinga. Ngati katundu kapena ndalama zokhudzidwa nzambiri, loya aliwerenge lisanasayinidwe.

Nkhani yoyerekeza ya ku Ngala

Kuti zimveke, tiyeni tiyerekeze nkhani imodzi ndi kuitsata mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongophunzirira, si a sukulu kapena bungwe linalake.

Sukulu ya mpingo ili ndi chipinda chimodzi chimene chimakhala chopanda ntchito masana, kachipinda kosungiramo katundu, zimbudzi, mjigo ndi mita ya magetsi yogulira mayunitsi. Bungwe lina lili ndi makina osokera 10 opalasa ndi mapazi, masimbi awiri a magetsi ndi mphunzitsi wa utelala, koma lilibe malo. Likufuna kuphunzitsa achinyamata 20 pa gulu lililonse, kwa miyezi 6. Sukulu nayo ikufuna kuti ana ake ena aziphunzirako kusoka. Aliyense ali ndi chimene mnzake alibe, ndipo pamenepa mpamene chimvano chimayambira.

Woyenera kusayina ndani?

Funso loyamba ndi la mayina. Chikalata chilembedwe m'dzina la mabungwe, osati la anthu, ndipo osayina akhale amene ali ndi mphamvu yochita zimenezo. Ahedi amayang'anira sukulu, koma nyumba si zawo. Pasukulu ya boma, nkhani yobwereketsa nyumba kwa nthawi yaitali imayenera kudzera ku komiti yoyendetsa sukulu ndi ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo ya boma. Pasukulu ya mpingo, mwini wake ndi mpingo. Mu mpingo wa Adiventi, malo ndi nyumba sizilembetsedwa m'dzina la mpingo wa pamudzi koma m'dzina la bungwe la pamwamba pake, choncho bodi ya pamalopo ikavomereza, nkhaniyo ikafikenso ku ofesi ya konferensi isanasayinidwe.

Mbali inayo nayo ifufuzidwe. Sukulu ipemphe kuona setifiketi yosonyeza kuti bungwelo linalembetsedwa, kaya ngati bungwe lomwe si laboma, kaya ngati kopaletivi. Ngati likulonjeza ophunzira masetifiketi ovomerezeka, lisonyeze kuti likudziwika ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kufunsa zimenezi si kukayikira mlendo. Gulu losalembetsedwa likabalalika, palibe amene mungamufunse za chitseko chothyoka kapena za fizi ya ana a anthu.

Maudindo: chilichonse chikhale ndi mwini wake

Gawo la maudindo ndi limene anthu amalilemba mwaulesi. Mawu akuti "mbali zonse ziwiri zidzagwirizana posamalira malo" amamveka bwino, koma ntchito ya anthu onse ilibe mwini. Ndime yabwino imatchula wochita, chochita, kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

M'nkhani yathu, sukulu ikupereka chipinda chotchulidwa bwino, mwachitsanzo chachitatu kuchokera ku ofesi, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, 2 koloko mpaka 5 koloko masana. Masiku amene chipindacho sichipezeka alembedweretu: nthawi ya mayeso a MANEB, masiku a misonkhano ikuluikulu ya mpingo, ndi maola a Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa. Zimenezi zikanenedwa pachiyambi, bungwe limakonza ndandanda yake mozilambalala. Zikatulukira pakati pa maphunziro, zimaoneka ngati chiwembu. Chikalata chinenenso kuti ngati sukulu ikufuna chipindacho pa tsiku lina lapadera, idziwitse bungwe kutatsala masiku 7, ndipo ibweze maolawo tsiku lina.

Bungwe likubweretsa makina, mphunzitsi, nsalu ndi ulusi. Malipiro a mphunzitsiyo ndi udindo wa bungwe, ndipo chikalata chinene poyera kuti iye si wantchito wa sukulu. Popanda mawu amenewa, bungwe likalephera kumulipira, madandaulo ake angagwere amene nyumba ndi yawo. Bungwe likulonjezanso kusunga malo anayi pa gulu lililonse la anthu 20 kuti mulowe ophunzira osankhidwa ndi sukulu, osalipira fizi. Imeneyi ndiyo mphoto ya sukulu m'malo mwa lendi.

Tsopano za magetsi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: wolandira mlendo walandiranso bilu yake. Masimbi awiri a mawati 1,000 iliyonse, akamagwira ntchito maola awiri pa tsiku, amadya mayunitsi osaposa 4. Pa masiku anayi a pa sabata ndi mayunitsi 16, ndipo pa masabata anayi ndi 64. Tikawonjezera mababu, tinganene kuti bungwe lizigula mayunitsi 70 pa mwezi, lisanafike tsiku la 5, ndi kupereka lisiti ku ofesi.

Onani kuti talemba mayunitsi, osati makwacha. Chifukwa chake tonse tikuchikumbukira. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Munthu amene analonjezedwa K50,000 pa mwezi anagona ali ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 42, nadzuka ali ndi madola 29. Chikalata cha zaka ziwiri chikangotchula makwacha, mbali imodzi imayamba kusauka mwakachetechete mpaka itakwiya. Choncho zimene zingayezedwe ndi muyeso wina, monga mayunitsi, malita a penti kapena mabuku a sopo, zilembedwe ndi muyesowo. Zotsalazo zikhale ndi tsiku loziunikanso.

Kuwonjezera apo pakhale mndandanda wa katundu, womatidwa kumapeto kwa chikalata. Makina aliwonse alembedwe ndi nambala yake yosindikizidwa pachitsulo ndi mmene alili pa tsiku lolowa. Chipinda nacho chiyenderedwe ndi mbali zonse ziwiri: magalasi osweka ndi angati, madesiki ndi angati, loko akugwira kapena ayi. Zithunzi za pa foni zimathandiza, koma zisindikizidwe ndi kusayinidwa, chifukwa foni imatayika. Pa zowonongeka, lamulo losavuta ndi lakuti zokalamba zokha akonza mwini wake, ndipo zowonongedwa ndi munthu akonza mbali imene inamubweretsa munthuyo. Za mlonda ndi za kuba zinenedwenso: ngati makina abedwa usiku loko atathyoledwa, kodi ndi tsoka la mwini makina, kapena sukulu ili ndi mlandu? Yankho lililonse lingathe kukhala labwino, bola ligwirizanidwe akuba asanabwere. Makiyi akhale awiri okha, osunga ake atchulidwe ndi maudindo awo, ndipo kudulitsa wina kuletsedwe.

Udindo umodzi suyenera kuiwalika pamalo a sukulu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Bungwe likubweretsa achikulire pabwalo la ana. Chikalata chinene kuti mayina a onse olowa aperekedwe ku ofesi, kuti wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ndi kuti dandaulo la nkhanza lipite kwa ahedi ndi kupolisi tsiku lomwelo.

Pomaliza, mbali iliyonse itchule munthu mmodzi wolumikizana naye. Atchulidwe ndi udindo, monga wachiwiri kwa ahedi ndi woyang'anira maphunziro wa bungwe, kuti munthu akachoka, wolowa m'malo mwake atenge ntchitoyo popanda kulembanso chikalata.

Kutalika kwa mgwirizano

Pali zolakwa ziwiri zimene zimachitika pa nkhani ya nthawi. Choyamba ndi kusalemba tsiku lothera. Zaka zikapita, bungwe limayamba kuona chipindacho ngati chake, sukulu nkumaopa kulichotsa kuti isaoneke yankhanza, ndipo ubale umaola osatha. Chachiwiri ndi kulemba nthawi yosagwirizana ndi maphunziro enieniwo, monga chaka chimodzi choyambira pa tsiku losayinira, chimene chingathere pakati pa gulu la ophunzira.

Nthawi iwerengedwe ndi magulu a ophunzira. M'nkhani yathu gulu limatenga miyezi 6, ndipo chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Choncho mgwirizano wa zaka ziwiri woyamba pa 1 Sepitembala ndi kutha pa 31 Ogasiti ukukwana magulu anayi: la Sepitembala mpaka Febuluwale, la Malichi mpaka Ogasiti, kenaka chimodzimodzi chaka chachiwiri. Masiku onse awiri alembedwe ndi tsiku, mwezi ndi chaka. Ngati bungwe limadalira thandizo la ena, sukulu ifunse kuti thandizolo likutha liti, chifukwa kulonjeza zaka ziwiri ndi ndalama za chaka chimodzi ndi kulonjeza mphepo. Ngati mbali ina ndi ya boma, tikumbukire kuti chaka cha ndalama cha boma tsopano chimayamba mu Epulo ndi kutha mu Malichi.

Kunyanja kuno kalendala ili ndi zakezake. Usipa ukagwa, achinyamata ambiri amakhala pa doko ndi pa matandala, osati m'kalasi, ndipo nyengo ya mvula misewu ya m'midzi imavuta. Oyendetsa maphunziro aganizire zimenezi posankha tsiku loyambira gulu, m'malo modzapempha kuwonjezera masabata pambuyo pake.

Mgwirizano usamadzipitirire wokha ukatha. Ndime yabwino imati, kutatsala miyezi itatu kuti nthawi ithe, mbali ziwiri zikumane, ndipo ngati zikufuna kupitiriza zisayine kalata yatsopano. Zikapanda kutero, mgwirizano utha pa tsiku lake. Pakatipo pakhale msonkhano kumapeto kwa teremu iliyonse, wokhala ndi maminitsi osayinidwa. Kusintha kulikonse, ngakhale kwa maola okha, kulembedwe ndi kusayinidwa ndi onse awiri. Mawu a panjira sasintha chikalata.

Nanga zogwa mwadzidzidzi? Mu Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, ndipo zinakhala miyezi zisanatsegulidwe. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anasamutsa anthu zikwizikwi m'dera la Dwangwa, ndipo ambiri anathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi. Chipinda chophunziriramo utelala chingasanduke pogona mabanja usiku umodzi wokha. Chikalata chinene kuti pa nthawi yotere mgwirizano waima popanda wolakwa, kuti makina asungidwa kuti, ndi kuti masiku otayikawo awonjezedwa kumapeto. Chinenenso malire: ngati kuimako kwapitirira masiku 90, mbali iliyonse ili ndi ufulu wothetsa.

Kuthetsa: ndime imene anthu amachita nayo manyazi

Pa chikhalidwe chathu, kukamba za kusiyana pa tsiku lopangana kumaoneka ngati kulodza ubale. Koma ndime imeneyi ndi imene imapulumutsa ubalewo, chifukwa anthu osiyana motsata njira yodziwika amatha kudzagwiranso ntchito limodzi.

Mgwirizano ungathe m'njira zinayi. Yoyamba ndi kukwana kwa nthawi. Yachiwiri ndi kumvana kwa onse awiri, kolembedwa. Yachitatu ndi chidziwitso popanda kupereka chifukwa: mbali iliyonse ingathe kuchoka italemba kalata kutatsala masiku 90. Njira imeneyi njofunika chifukwa nthawi zina palibe wolakwa. Mwina ana achuluka ndipo sukulu ikufuna chipinda chake, kapena bungwe lamanga malo akeake. Popanda njirayi, wofuna kuchoka amayamba kufunafuna zifukwa zonamizira mnzake.

Yachinayi ndi kuphwanya pangano. Apa wolakwiridwa alembe kalata yotchula ndime imene yaphwanyidwa, ndi kupereka masiku 30 okonzera. Ngati bungwe silinagule mayunitsi kwa miyezi iwiri, kalata ikunena zimenezo ndi tsiku lomaliza kulipira. Likalipira, nkhani yatha; likapanda, mgwirizano watha. Pali milandu yochepa yosafuna masiku 30, ndipo itchulidwe mayina: kuchitira mwana nkhanza, kugwiritsa ntchito malowo pa zinthu zoletsedwa ndi lamulo, kubwereketsanso chipindacho kwa ena popanda chilolezo. Mndandandawu ukhale waufupi, kuopa kuti kakangano kalikonse kangasanduke chifukwa chotsekera chitseko.

Chidziwitso chiperekedwe pamanja ku ofesi yotchulidwa, wolandira asayine ndi kulemba tsiku, chifukwa masiku 90 amayamba kuwerengedwa pamenepo. Uthenga wa pa foni ungachenjeze, koma usalowe m'malo mwa kalata.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti sukulu yapereka chidziwitso pa 1 Epulo m'chaka choyamba. Masiku 90 akukwana pa 30 Juni. Koma gulu lachiwiri linayamba pa 1 Malichi ndipo limaliza pa 31 Ogasiti. Tikangotsata masiku 90, achinyamata 20, ambiri mwa iwo atalipira kale fizi, atsala ndi miyezi iwiri, opanda chipinda ndi opanda setifiketi, pomwe iwo sanasayine nawo chilichonse. Nchifukwa chake pamafunika ndime yowateteza. Ingalembedwe motere:

"Chidziwitso chikaperekedwa, bungwe silidzalembanso ophunzira atsopano. Gulu limene layamba kale lidzamaliza maphunziro ake m'chipindachi pa maola omwewo, ndipo mgwirizano udzatha pa tsiku limene gululo lamaliza kapena limene masiku 90 akwana, kutengera lomwe lafika pambuyo."

Ndi mawu amenewa, tsiku lotuluka likhala 31 Ogasiti. Sukulu yadikira miyezi iwiri yowonjezera koma chipinda chake yachipeza chaka chatsopano chisanayambe. Ngati mgwirizano watha mwadzidzidzi chifukwa cha mlandu waukulu, chikalata chinene kuti bungwe lipeza malo ena kapena libweza fizi ya miyezi yotsala, ndi kuti zolembedwa za ophunzira, monga malikisi ndi kaundula, ziperekedwa kwa eni ake.

Funso lotsatira ndi la katundu. Zonyamulika, monga makina ndi masimbi, zibwerera kwa mwini wake molingana ndi mndandanda uja, m'masiku 14. Zovuta ndi zomangirira kunyumba. Tinene kuti polowa, bungwe linaika zitsulo m'mawindo, chitseko chachitsulo ndi mawaya a magetsi, zonse pamodzi K1,200,000, likuyembekezera kukhala miyezi 24. Kuzula zimenezi nkuwononga nyumba, ndipo kuzisiya ulele pakati pa nthawi nkupondereza bungwe. Njira yachilungamo ndiyo kugawa mtengowo ndi miyezi ya mgwirizano: K1,200,000 pa miyezi 24 ndi K50,000 pa mwezi. Bungwe latuluka litakhala miyezi 12, ndipo yatsala 12. Popeza ndi sukulu imene yathetsa popanda bungwe kulakwa, ibweza K600,000. Bungwe likanachoka lokha, kapena likanachotsedwa chifukwa chophwanya pangano, silikanalandira kanthu. Mgwirizano ukanafika kumapeto kwake, zonse zikanakhala za sukulu popanda kulipira. Kuti masamuwa atheke, ntchito iliyonse yomanga ivomerezedwe ndi sukulu molemba isanayambe, ndipo malisiti ake asungidwe ndi onse awiri.

Tsiku lomaliza, mbali ziwiri ziyendere chipinda limodzi zili ndi mndandanda wa tsiku loyamba m'manja, zilembe zowonongeka, ziwerengerane ngongole, makiyi abwezedwe, ndipo onse asayine kuti palibe chotsala.

Mkangano ukabuka

Si kusamvana kulikonse koyenera kuthetsa mgwirizano. Chikalata chiike makwerero. Poyamba akumane anthu awiri olumikizana aja m'masiku 7. Zikakanika, akumane atsogoleri a mabungwe m'masiku 14. Zikakanikabe, aitane mkhalapakati amene anamutchuliratu ndi udindo wake, monga mlangizi wa maphunziro wa m'zoni kapena a gulupu a m'deralo, bola asakhale membala wa mbali iliyonse. Khoti likhale lomaliza. Ndipo pamene nkhani ikukambidwa, maphunziro apitirire. Wina asakhome loko wake pachitseko.

Mgwirizano wodwala umadziwika msanga. Msonkhano wa pa teremu ukadumphidwa kawiri, kiyi akayamba kugona kunyumba kwa munthu, maola akamasinthidwa pakamwa, malisiti a mayunitsi akasiya kufika ku ofesi, kapena ahedi atsopano akamafunsa kuti anthu osokawa anabwera bwanji, dziwani kuti pepala ndi zochitika zasiyana njira. Mankhwala ake ndi kuitanitsa msonkhano ndi kuwerenga chikalatacho mokweza, ndime ndi ndime.

Chikalata chotere sichifuna masamba ambiri. Atatu kapena anayi ndi mndandanda wa katundu akwana. Chilembedwe m'chinenero chimene komiti ya sukulu imamva, ndipo ngati pali cha Chingerezi ndi cha Chichewa, chinene kuti chotsatidwa nchiti zikasiyana. Tsamba lililonse lisayinidwe, mboni zikhalepo, mbali iliyonse itenge chake, ndipo china chisungidwe ku ofesi ya mwini sukulu. Musanasayine, chiperekeni kwa munthu amene sanakhale nawo pa zokambirana, monga mphunzitsi wongofika kumene, ndipo mumufunse kuti agula mayunitsi ndani, mgwirizano utha liti, ndipo sukulu ikafuna chipinda chake mu Epulo ichite chiyani. Akayankha zonse zitatu kuchokera pa pepala lokha, chikalatacho chakonzeka. Akayamba ndi mawu akuti "mwina", bwererani pa ndime imeneyo inki isanagwe.